Pulani ya banja pa Spotify ndi Netflix: alowe ndani, atsale ndani, ndipo muyambire pati

Kwathu kuno mawu akuti banja ndi otakata. Mwana wa achemwali ndi mwana wanu, agogo a ku Ekwendeni ndi apabanja, achimwene amene ali ku Joni sanachoke m'banjamo ngakhale atha zaka zisanu osabwera. Makampani ogulitsa nyimbo ndi makanema pa intaneti sawerenga choncho. Iwo akamati banja amayang'ana denga, kutanthauza anthu amene amagona ndi kudzuka pa nyumba imodzi. Mavuto ambiri a pulani ya banja amayambira pamenepa, ndipo ena amabwera chifukwa chosasiyanitsa akaunti ndi pulofailo. Malangizowa atsata Spotify ndi Netflix, chifukwa makampani awiriwa amayeza nyumba m'njira zosiyana kwambiri, ndipo mukamvetsa awiriwa enawo savuta.

Tiyerekeze nyumba ina ku Katoto. Muli bambo ndi mayi, mnyamata wa zaka 15 amene amayendera kusukulu, kamtsikana ka zaka 7, ndi mwana wa achemwali a bambo, wa zaka 19, yemwe wakhala pakhomopo zaka ziwiri. Mwana woyamba, wa zaka 20, ali ku Mzuni ndipo amagona kuhositelo ku Luwinga. Kuseri kwa nyumba kuli mnyamata wochita lendi. Agogo ali ku Ekwendeni, ndipo achimwene a mayi, amene alonjeza kuti azithandiza kulipira, ali ku Joni. Anthu onse pamodzi ndi 9. Tiyenda ndi nyumba imeneyi mpaka kumapeto.

Choyamba: dziwani ngati mukugawana akaunti kapena pulofailo

Akaunti ndi nyumba yokhala ndi kiyi wake, ndiye kuti imelo ndi pasiwedi. Pulofailo ndi chipinda m'nyumba ya munthu wina. Chipindacho mutha kuchikonza m'mene mukufunira, koma polowa mumadzera khomo la mwini nyumba.

Pa Spotify Premium Family aliyense amakhala ndi akaunti yakeyake. Malo alipo 6: woyang'anira pulani mmodzi ndi anthu ena 5. Woyang'anira ndi amene amalipira, kuitana ndi kuchotsa anthu, koma sadziwa pasiwedi ya wina aliyense ndipo nyimbo za anzake sizisakanikirana ndi zake. Anthu onse 6 atha kumvera nthawi imodzi, aliyense pa foni yake, popanda kudulana.

Pa Netflix ndi zina. Akaunti ndi imodzi, imelo imodzi, pasiwedi imodzi, ndipo mkati mwake mutha kutsegula mapulofailo osapitirira 5. Apa pali msampha umene anthu ambiri amagweramo: mapulofailo 5 sakutanthauza kuti anthu 5 aonera nthawi imodzi. Chiwerengero cha oonera pamodzi chimatengera pulani imene mwalipira. Mobile ndi Basic zimalola chipangizo chimodzi, Standard ziwiri, Premium zinayi. Ndiye ngati muli pa Standard, bambo akuonera pa tivi pabalaza, mayi pa foni kuchipinda, mnyamata akafuna kuyamba wake amukaniza ngakhale ali ndi pulofailo yake yabwinobwino. Palibe chawonongeka, malo odutsira ndiwo adzaza. Mobile nayonso sigwira pa tivi, ndi ya foni ndi tabuleti basi, choncho musaitenge ngati cholinga ndi kuonera pabalaza.

Chachiwiri: lembani mayina ndi kumene aliyense amagona

Musanatsegule foni, tengani pepala. Funso la aliyense ndi limodzi: masiku ambiri amagona kuti? Pa nyumba ya ku Katoto ija, bambo, mayi, mnyamata ndi kamtsikana palibe chokambirana. Mwana wa achemwali uja alowa, chifukwa ndi wachibale ndipo amakhala pakhomopo. Sadzafunsidwa kalata ya kubadwa kapena kuti dzina la bambo ake lifanane ndi lanu.

Agogo a ku Ekwendeni atsala, ngakhale ndi apamtima kuposa onse. Achimwene a ku Joni atsalanso, ndipo kwa iwo pali chopinga chachiwiri, chomwe ndi dziko. Akaunti ya Spotify imalembetsedwa ku dziko limodzi, ndipo olowa m'pulani ayenera kukhala m'dziko lomwelo ndi woyang'anira. Achimwene akatsegula pulani ku South Africa ndi khadi yawo ya kumeneko, adiresi ya pulaniyo ikhala ya kumeneko, ndipo a ku Katoto adzafunika kunama kawiri, za dziko ndi za nyumba, kuti alowe. Njira yosavutitsa ndi yakuti iwo azitumiza ndalama monga amachitira ndi za fizi, pulaniyo itsegulidwe kuno ndi munthu wokhala pakhomo.

Mnyamata wa lendi ndiye amasokoneza anthu, chifukwa mpanda ndi umodzi ndipo mwina wayifayi amagwiritsa yomweyo. Makina sangamuzindikire kuti ndi wapadera. Komabe ife timalangiza kuti musamulowetse. Pa Spotify lamulo likunena za achibale okhala pa adiresi imodzi, ndipo iye si wachibale. Pa Netflix kumulowetsa ndi kumupatsa kiyi wa akaunti yonse, ndipo tsiku losamuka kiyiyo apita nayo ku Chibavi kapena kulikonse kumene wapeza nyumba.

Wa ku Mzuni ndiye wofuna kumuganizira bwino. Ngati kwawo kudakali ku Katoto, amabwera Loweruka kudzachapa ndi kudzatenga ufa, holide yonse amakhala pakhomo, adiresi yake yeniyeni ndi ya pakhomopo ndipo kumuwerengera n'komveka. Akakhala kuti wapeza nyumba yake ya lendi ku Luwinga ndipo wakhazikika, ndiye kuti wayamba khomo lina. Pamenepo ayambe waona ngati sukulu yake ikupezeka pa mndandanda wa Premium Student, pulani yotsika mtengo ya ophunzira a m'makoleji, yomwe imatsimikizidwa chaka ndi chaka mpaka zaka zinayi.

Kamtsikana ka zaka 7 sikangakhale ndi akaunti wamba ya Spotify chifukwa msinkhu sunakwane. Musakawonjezere zaka kuti kalowe. Pa Netflix kali ndi malo ake abwino, tifikapo. Ndiye pa Spotify tatsala ndi anthu 5: bambo, mayi, mnyamata, mwana wa achemwali ndi wa ku Mzuni. Malo amodzi atsala opanda munthu, ndipo palibe vuto kuwasiya choncho. Mukawerenga n'kupeza kuti omvera nyimbo ndi awiri okha, onani Premium Duo, yomwe ndi ya anthu awiri a nyumba imodzi.

Chachitatu: sankhani woyang'anira mosamala

Pa Spotify udindo wa woyang'anira sungasamutsidwe. Amene watsegula pulani ndi yemweyo mpaka pulaniyo itatsekedwa. Mukadzafuna kusintha, muyenera kuithetsa, kudikira kuti mwezi wolipiridwa uthe, wina n'kutsegula yatsopano ndi kuitananso onse. Choncho musasankhe potengera ukulu. Sankhani munthu amene ali ndi zinthu zitatu izi: amakhaladi pakhomopo, ali ndi khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kulipira zinthu za kunja pa intaneti, ndipo imelo yake amaitsegula. Chachitatuchi anthu amachipeputsa. Ambiri tili ndi imelo imene anatitsegulira wogulitsa foni mu msika, pasiwedi yake sitikuidziwa. Mauthenga onse otsimikizira nyumba amapita kumeneko, ndipo ena amakhala ndi nthawi yochepa. Yambani mwalowa mu imeloyo lero, muone kuti ikutseguka.

Za khadi, dziwani kuti malipiro amadulidwa okha tsiku lomwelo mwezi uliwonse. Khadi ikakanidwa, kaya ndalama zachepa kapena banki yaika malire pa zogula za kunja, si woyang'anira yekha amene amavutika. Anthu onse a m'pulani amabwerera ku Spotify yaulere. Mindandanda ya nyimbo imakhalapo, koma zimene munatsitsa kuti muzimvera popanda bandulo zimasiya kugwira, ndipo kuzitsitsanso ndi bandulo ina. N'chifukwa chake ndi bwino kutsegula pulani patangopita masiku awiri kapena atatu kuchokera tsiku lolandira malipiro, osati pakati pa mwezi.

Chachinayi: adiresi pa Spotify

Apa ndi pamene ku Mzuzu timafunika kudekha. Spotify imayeza nyumba ndi adiresi yolembedwa. Woyang'anira amalemba adiresi potsegula pulani, ndipo aliyense wolowa ayenera kulemba yomweyo. Malo olembamo amasaka pa mapu a Google, n'kukupatsani mndandanda woti musankhepo. Vuto lathu ndi lakuti nyumba zambiri ku Mchengautuwa, Zolozolo, Chiputula kapena Masasa sitizilondolera ndi nambala ya msewu. Timati mukadutsa chigayo mukhotere kumanja, geti yobiriwira. Bokosi la ku positi ofesi nalonso silithandiza, chifukwa si malo ogona.

Chitani motere. Woyang'anira alowe pa spotify.com/account kudzera pa Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira masamba, asankhe Premium Family, alipire. Akafika pa adiresi ayambe kulemba dzina la dera ndi mzinda, mwachitsanzo Katoto, Mzuzu, aone zimene zikutuluka. Ngati msewu wanu ukupezeka, sankhani umenewo. Ngati sukupezeka, sankhani nyumba yodziwika yoyandikana nanu imene ili pa mapu, monga sukulu, tchalitchi kapena chipatala. Spotify yomwe imalola zimenezi pamene adiresi yeniyeni sikuoneka. Chofunika ndi kusankha pa mndandanda umene watuluka, osati kungolemba za m'mutu.

Mukasankha, jambulani sikirini ya foniyo pomwepo, mzere wonse wa adiresi uoneke. Chithunzi chimenecho ndicho muzitumiza pamodzi ndi linki yoitanira. Kulephera kwambiri kumachitika chifukwa bambo anasankha sukulu, mayi alemba dzina la dera lokha, mnyamata wasankha golosale ya pakona. Onse akunena zoona, onse amagona nyumba imodzi, koma makina akuona malo atatu.

Woitanidwa achite izi. Asanadine linki, aone kuti pa foniyo walowa ndi akaunti yake, osati ya munthu wina. Izi zimachitika kawirikawiri pa mafoni osiyirana: mnyamata analandira foni yakale ya mayi, akaunti ya mayi idakali momwemo, akadina linki ndiye kuti walowetsa mayi m'malo mwa iye. Atuluke kaye, alowe ndi imelo yake kapena atsegule akaunti yatsopano, kenako adine linki, alembe adiresi monga ilili pa chithunzi, avomereze. Ngati anali kale ndi Premium yolipira yekha, adikire mpaka chakumapeto kwa mwezi umene analipira, kuti masiku ake asapite pachabe. Ngati akukanidwa koma adiresi ndi yolondola, aone dziko limene lalembedwa pa akaunti yake. Akaunti imene inatsegulidwa munthu ali kunja, kapena kudzera pa VPN, pulogalamu imene imaonetsa ngati foni ili kunja, imakhala ndi dziko lina, ndipo liyenera kukonzedwa kaye kuti lifanane ndi la woyang'anira.

Kutsimikizira adiresi sikuthera pa tsiku lolowa. Spotify itha kufunsanso mamembala pamene woyang'anira wasintha adiresi, kapena ikakayikira. Imatumiza imelo kwa membalayo ndipo amapatsidwa masiku 7. Akapanda kuyankha kapena akalemba zosiyana, amachotsedwa n'kubwerera ku yaulere, ndipo kwa miyezi 12 sangalowe m'pulani ina ya Family kapena Duo. Lamulo la miyezi 12 limeneli lilinso kwa amene akungosamuka mwa kufuna kwake: kuchoka m'pulani ina kupita m'pulani ina kumaloledwa kamodzi pa chaka. Ndiye ngati mwana wa achemwali uja ali m'pulani ya anzake a ku koleji, aganize kamodzi asanasamuke, chifukwa kubwerera mwezi wamawa sikutheka. Inunso mukamasamuka nyumba, kuchoka ku Katoto kupita ku Chimaliro mwachitsanzo, sinthani adiresi tsiku limene onse ali pafupi, jambulaninso sikirini, aliyense ayang'ane imelo yake sabata imeneyo.

Kwa mnyamata wa zaka 15, woyang'anira atha kutseka nyimbo za mawu otukwana. Pa tsamba la pulani, dinani dzina lake ndi kuzimitsa Allow explicit content. Zikhudza iye yekha, enawo sizikuwakhudza.

Chachisanu: nyumba pa Netflix

Netflix sifunsa adiresi. Iyo imati Netflix Household ndi zipangizo zimene zimalumikizidwa ku intaneti ya pamalo amene mumaonera kwambiri. Imazindikira zimenezi poona nambala ya IP, yomwe ili ngati adiresi ya intanetiyo, zizindikiro za zipangizo, ndi m'mene akauntiyo ikugwiritsidwira ntchito. Siyang'ana GPS. Lamuloli linayamba kukhwimitsidwa m'mayiko ambiri mu 2023. Mwachidule, nangula wa nyumba ndi tivi ndi intaneti imene tiviyo imagwiritsa.

Kukhazikitsa kwake n'kotere. Lumikizani tivi ku intaneti imene mumagwiritsa masiku onse pakhomo. Tsegulani Netflix, pitani ku mndandanda wa pa tsamba loyamba, sankhani Get Help, kenako Manage Netflix Household. Sankhani kutsimikiza kapena Update Netflix Household, kenako Send Email kapena Send Text. Linki imapita ku imelo kapena nambala ya foni ya mwini akaunti, ndipo imafa pakatha mphindi 15. Choncho chitani izi mwini akauntiyo ali pabalaza pomwepo, foni m'manja, osati ali pa msonkhano ku Karonga. Akadina linkiyo n'kuvomereza, tivi ija yakhala likulu. Kenako aliyense alumikize foni kapena laputopu yake ku wayifayi yomweyo, atsegule Netflix, aonere kanthu kwa mphindi zochepa. Potero chipangizo chake chadziwika kuti ndi cha pakhomo.

Tsopano nachi chimene chimavuta kuno. Lamuloli linapangidwa poganiza nyumba yokhala ndi intaneti imodzi yosasuntha. Nyumba zambiri ku Mzuzu sizili choncho. Lero tivi ili pa karauta ka simukhadi ya Airtel, mawa bandulo yatha ndiye mayi ayatsa hotisipoti ya TNM pa foni, mkuja magetsi anazima, rauta yadzuka ndi nambala ina ya IP. Kwa makina, tivi imeneyi ikuoneka ngati ikusamukasamuka. Mudzadziwa kuti zafika pamenepo tivi ikalemba uthenga wakuti siili mbali ya Netflix Household ya akauntiyo, chonsecho sinasunthe pa shelefu.

Uthengawo ukabwera musathamangire kudina. Yambani mwaona kuti tivi ili pa intaneti iti. Ngati ili pa hotisipoti ya kanthawi, ibwezereni ku rauta ya masiku onse, mutseke Netflix ndi kutsegulanso. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ngati ili kale pa rauta yake koma uthenga ulipobe, pamenepo ndi pamene mudine Update Netflix Household ndi kutsimikiza ndi linki ija. Cholakwika chachikulu ndi kutsimikiza nyumba tivi ili pa hotisipoti ya mlendo kapena ya foni imene mawa ipita ku ntchito. Mukatero mwasamutsira likulu ku intaneti imene sikhala pakhomo. Sankhani njira imodzi ya tivi, kaya ndi rauta ya simukhadi kaya ndi Starlink, n'kuikakamira.

Izi zikutiuzanso chifukwa chake kupereka pasiwedi kwa agogo kapena achimwene kumathera m'kukangana. Akaunti imakhala ndi nyumba imodzi yokha. Tivi ya ku Ekwendeni ikakanidwa, wa kumeneko adina Update, imelo ibwera kwa bambo, bambo mosadziwa avomereza. Likulu lasamukira ku Ekwendeni, ndipo madzulo tivi ya ku Katoto ndi imene ikukanidwa. Mwini akaunti asavomereze linki iliyonse imene sanaipemphe yekha ataima patsogolo pa tivi yake. M'mayiko ena Netflix imagulitsa malo owonjezera a munthu wokhala kwina, otchedwa Extra Member. Ngati pa tsamba lanu la Account mulibe mawu amenewo, njira imene yatsala kwa wachibaleyo ndi akaunti yakeyake.

Wa paulendo sanaiwalidwe. Bambo akapita ku Lilongwe atha kuonera pa foni kapena laputopu imene imadziwika kale pakhomo. Akafuna kuonera pa tivi ya kumalo ogona alendo, Netflix itha kuwapatsa mwayi wa kanthawi kudzera pa khodi yotumizidwa ku imelo kapena foni yawo, ndipo pochoka asaiwale kutuluka mu akauntiyo pa tiviyo. Kwa wa ku Mzuni uja, chizolowezi chothandiza ndi ichi: kamodzi pa mwezi, akabwera kunyumba, alumikize foni ndi laputopu ku wayifayi ya pakhomo, atsegule Netflix ndi kuonera kanthu pang'ono. Atsitsiretu makanema ali pomwepo, bandulo ya kusukulu isungike. Foni ndi laputopu zoyenda naye zimavuta pang'ono, koma tivi yokhazikika kuhositelo itha kukanidwa, chifukwa siidzafikako ku intaneti ya pakhomo.

Chachisanu ndi chimodzi: tsegulani mapulofailo

Pakhomo paja oonera ndi 6 koma malo ndi 5. Wina agawane ndi mnzake, ndipo oyenera kugawana ndi amene amakonda zofanana ndiponso msinkhu wawo ndi umodzi. Bambo ndi mayi atha kukhala pa pulofailo imodzi ngati amaonera limodzi. Kamtsikana ka zaka 7 ndiye kasagawane ndi wina aliyense.

Dinani Manage Profiles, kenako Add Profile, lembani dzina. Kwa mwana wamng'ono sankhani kuti ndi ya ana, pamene palembedwa Kids kapena Children. Pulofailo yotere imaonetsa zoyenera ana a zaka 12 kutsika m'munsi, ndipo siilola kulowa ku tsamba la Account. Kwa mnyamata wa zaka 15 musasankhe ya ana, adzaithawa n'kumalowa ya akuluakulu. Mutsegulireni yawamba, kenako pa Account musankhe pulofailo yake, muike malire a zaka pa Viewing Restrictions. Pamenepo muthanso kutseka kanema wina ndi dzina lake.

Zonsezi zilibe ntchito ngati mapulofailo a akuluakulu ali otseguka, chifukwa mwana amangobwerera m'mbuyo ndi rimoti n'kusankha chithunzi cha bambo. Ikani Profile Lock, yomwe ndi nambala ya manambala 4, pa pulofailo iliyonse ya wamkulu. Isakhale chaka chobadwa kapena yofanana ndi ya Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa mumailemba pa tivi ana akuona. Dziwaninso malire ake: aliyense wodziwa pasiwedi ya akaunti atha kuchotsa loko imeneyi. Choncho ana musawauze pasiwedi. Alowetseni nokha pa zipangizo zawo.

Pulofailo iliyonse imasunga zake: pamene munalekezera kanema, mndandanda wa My List, chilankhulo, kaonekedwe ka mawu a m'munsi, ndi zimene Netflix ikukulozerani. N'chifukwa chake mayi akalowa pulofailo ya mnyamata sabata imodzi yokha, mnyamatayo amayamba kuona makanema achikondi pa tsamba lake, ndipo gawo limene anali kuonera ladumpha. Koma chimene chimakhudza thumba kwambiri ndi Playback settings, yomwe imaikidwanso pa pulofailo iliyonse payokha. Pa Low ola limodzi limadya pafupifupi 0.3 GB, pa Medium 0.7 GB, pa High mpaka 3 GB ngati chithunzi ndi cha HD. Tiwerenge ndi kamtsikana kaja: kakaonera maola awiri tsiku lililonse kwa masiku 30, ndi maola 60. Pa High ndi mpaka 180 GB, pa Medium ndi 42 GB, pa Low ndi 18 GB. Ngati intaneti yanu ndi ya bandulo yowerengera, ikani pulofailo ya ana pa Low kapena Medium ndi kuzimitsa zoti gawo lotsatira liziyamba lokha, chifukwa mwana akagona tivi imapitiriza kudya. Mukakonza pulofailo imodzi yokha n'kuganiza kuti zonse zasintha, bandulo izithabe msanga ndipo simudziwa chifukwa.

Munthu akachoka pakhomo

Tinene kuti mwana wa achemwali uja wapeza ntchito ku Nkhata Bay. Pa Spotify n'zosavuta: woyang'anira amuchotse pa tsamba la pulani. Akaunti ndi yake, nyimbo zake zonse apita nazo, angobwerera ku yaulere mpaka atadzilipirira. Apa ndi pamene ubwino wa akaunti yakeyake umaonekera, ndipo ndi chifukwa chake sitilangiza kholo kutsegulira ana maakaunti ndi maimelo amene kholo lokha likudziwa pasiwedi.

Pa Netflix musafulumire kufufuta pulofailo yake, chifukwa ikafufutidwa mbiri yake yonse yapita. Mwini akaunti alole Transfer Profile pa tsamba la Account, loko ya pulofailoyo ichotsedwe, kenako mwanayo asamutsire pulofailo ku akaunti yake, ndi imelo yake ndi khadi yake. Mndandanda wake ndi pamene analekezera zimamutsatira. Akatsimikiza kuti zafika, fufutani yotsalayo, malo atseguke kuti bambo ndi mayi asiyane mapulofailo. Kenako pitani pa Manage Access and Devices, muone zipangizo zonse zimene zalowa, mutulutse zake ndi zina zimene simukuzidziwa. Ngati iye ankadziwa pasiwedi, isintheni tsiku lomwelo, ndipo musankhe zoti zipangizo zonse zituluke, kenako mulowetsenso za pakhomo chimodzichimodzi zili pa wayifayi ya pakhomo, kuyambira ndi tivi.